Dzina la Pachibangili

Linnet anatuluka m'chipatala Lachisanu ali ndi zinthu ziwiri zimene analibe polowa: bala losoka kumunsi kwa mimba, ndi kachibangili kapulasitiki pamkono kolembedwa dzina la munthu wina. Dzinalo linali la Dinah, msuweni wake, amene nthawi yonseyi anali bwinobwino ku Phokeng, akuluka anthu tsitsi mu saluni, apendikisi yake ili m'malo mwake.

Nkhaniyi inayamba motere. Linnet ankaphunzira pa yunivesite ina ku Pretoria, chaka chachiwiri, ndipo ankamulipirira ndi a bungwe lina la mpingo. Loweruka lina mu Meyi, chaka cha 1999, anakwera takisi kupita ku Marikana kwa amalume ake, a Moffat, ati kukawerengera mayeso a kemisitiri kopanda phokoso. Amene anagonako ku Marikana akudziwa kuti kumeneko kunali kudzinamiza. Mayesowo anali a Lachiwiri. Lamulungu masana, atangobwera kutchalitchi, mimba imene inakhala ikumupotokola kwa masiku angapo inamugwetsa pakhomo, n'kuyamba kusanza.

A Moffat anali mtchona weniweni. Anabwera ku Joni Linnet akadali kumbuyo kwa amayi ake ku Ntcheu, ndipo pofika nthawiyi anali timu lida pansi pa mgodi. Anali ndi khadi la chipatala lochokera kuntchito, pomwe panali maina atatu: lawo, la akazi awo a Imelda, ndi la mwana wawo Dinah. Chimene a Moffat ankadana nacho kwambiri padziko ndi benchi yodikirira. Ankati anamva zambiri za alendo odikira pabenchi mpaka kuzizira, ndipo mwana wa mlongo wawo sadzakhala mmodzi wa iwo. Anabwereka kagalimoto ka aneba, n'kulunjika kuchipatala cholipira ku Rustenburg.

"Kuyambira pano ndiwe Dinah," anatero m'njira, atamugwira mutu kuti usamenye chitseko. "Wamva? Akakufunsa, Dinah."

Linnet anavomera. Mmene mimba inkachitiramo, akanavomera ngakhale kutchedwa mbuzi.

Apendikisi inali itaphulika, ndipo anamuchita opaleshoni madzulo omwewo. Sabata yonse anamwino ankamuitana Dinah, iye n'kumachedwa kuyankha, iwo n'kumati ndi mankhwala. Lachiwiri m'mawa anagona chagada akuyang'ana wotchi ya pakhoma, akudziwa kuti anzake akutsegula mapepala. Analira pang'ono, koma kulira kunkakoka ulusi wa pabala, ndiye anasiya.

Tsiku lotuluka a Moffat anali pa shifiti. A Imelda ndi amene anabwera, ndipo poti nawonso anali pantchito, anamutengera ku Zinniaville, kusitolo ya nsalu kumene ankasoka makatani, kuti adikire mpaka kuweruka. Anamukhazika mu kaofesi ka kumbuyo, pamene Asha, mwana wa eni sitolo, ankalemba zamaoda pa kompyuta.

"Aphunzitsi ako wawauza?" anafunsa Asha m'Chingerezi. "Azichimwene anga amati ukachedwa kunena, basi, amakuyika ziro. Atumizire imelo. Foni bambo sakuyigwiritsa ntchito, kompyuta ilumikiza."

Linnet anakumbukira bwino lomwe zimene amalume ananena atatsamira pabedi lake: zakuchipatala kuno usazitchule kusukulu, ndiona chochita. Koma kompyuta inali pomwepo, ikulira ngati mphaka woponderezedwa polumikiza foni, ndipo mantha a ziro anali aakulu kuposa mawu a munthu amene anali pansi pa nthaka kumgodi. Anakokera mpando pafupi.

Analemba m'Chingerezi chake chapamwamba chija, chimene kwawo ankachinyadira mpaka ku Tsangano:

"Okondedwa Dr Mokgosi, ndine Linnet Chimwaza, wa m'kalasi lanu la kemisitiri la chaka chachiwiri. Nambala yanga ya sukulu ili pamwambapa. Ndikupepesa kuti sindinalembe mayeso achiwiri a semesita Lachiwiri lapitali. Ndinagonekedwa m'chipatala Lamulungu ndipo anandichita opaleshoni ya apendikisi. Ndatuluka lero. Ndikupempha mwaulemu kuti mundilole kulemba mayeso a odwala. Chikalata cha dokotala ndidzabwera nacho."

"Uwonjezere dzina la chipatala ndi la dokotala," anatero Asha akusuzumira paphewa. "Ana asukulu ambiri amanama. Ukatchula zonse amakhulupirira."

Linnet anawonjezera chipatala, wodi, ndi dzina la dokotala, mpaka zilembo zoyamba za dzinalo. Anawerenga kawiri, n'kuona kuti yakoma. Chikalata chimene ankalonjezacho chinali m'chikwama pamiyendo pake, ndipo ankadziwa dzina limene linalipo. Anatumiza, akudziuza kuti zinazo ziwoneka kutsogolo.

Yankho linabwera Lolemba. Asha analisindikiza, a Imelda n'kubwera nalo kunyumba litapindidwa pamodzi ndi zidutswa za nsalu. Iwo anakulira ku Tete ndipo Chingerezi cholemba sichinkawakhudza, choncho anangolipereka ngati risiti.

Dr Mokgosi anali mayi wachifundo koma wosapindika. Anapepesa za matendawo, n'kunena kuti mayeso a odwala adzalembedwa kamodzi kokha, Lachisanu la sabata yotsatira. Chikalata cha dokotala amene anamuthandiza chifike ku ofesi ya dipatimenti pofika Lachitatu, ngakhale pa fakisi, chokhala ndi masiku ogonekedwa komanso dzina lofanana ndi la pa khadi la sukulu. Popanda chimenecho mayesowo akhala ziro. Linnet sanafunikire kuuzidwa zotsatira zake. Ndi ziro, malikisi ake a semesita sakanafika pa 40, ndipo wosafika pa 40 saloledwa kulowa m'mayeso a Juni. Kemisitiri akagwa, chaka chagwa, ndipo a mpingo aja ananeneratu kuti wobwereza samulipirira.

Anayesa njira ina. Anapatsa a Imelda kapepala koti Asha akatumize, kofunsa ngati, poti chikalata chikuvuta pang'ono, angangobwera kudzaonetsa bala lenilenilo. Yankho linali lalifupi: "Mwana wanga, udokotala wanga ndi wa kemisitiri, si wa mabala. Nditumizire pepala."

Loweruka masana a Moffat anakhala panja akutsuka majombo awo a kumgodi m'beseni. Linnet anakhala pa kreti pafupi nawo, dzanja lili pamimba, n'kuwafotokozera za chikalata.

"Ndi zimenezo basi?" anaseka a Moffat. "Ndinakuuza kuti ndiona. Kuli dokotala wina kuseri kwa renki ya matakisi, anyamata akadzuka ndi babalazi ya mowa amapita kumeneko. Amalemba chilichonse, dzina lililonse, stampa ndi siginecha, sharp. Tipita Lolemba. Alemba kuti Linnet anadwala m'mimba sabata yonse, finish."

Linnet anayang'ana madzi akuda a m'beseni.

"Sizitheka, amalume."

"Chifukwa?"

"Ndinawalembera kale aphunzitsi. Ndinatchula chipatala. Ndi dzina la dokotala."

Burashi inaima. A Moffat sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoyang'ana mphwawoyo nthawi yaitali, kenaka n'kuyang'ana mulu wa dothi la mgodi umene unkaoneka kuseri kwa nyumba za malata.

"Walemba pa chiyani? Sitingakaitenge kalatayo?"

"Ndi ya pa kompyuta. Ikapita yapita."

"Eish." Anapukuta manja pa thalauza. "Mvera, mphwanga. Ku hospital kuja uli Dinah, ndipo ukhala Dinah. Akadziwa a medical aid, eni khadi aja, nkhani imapita straight kwa mlungu, bwana wachizungu wa ku HR, ndipo imeneyo amaitcha fraud. Palibe warning. Ndaonapo madala wina akutuluka pageti ndi pulasitiki yokha m'manja. Chaka chimodzi si imfa. Ubwereza, ine ndiona za fizi."

"Chabwino, amalume."

Ananena mochokera pansi pa mtima, kapena ankaganiza choncho. Koma ankadziwanso kuti fizi ya mlendo pa yunivesite si yoti timu lida n'kuiona, ndiponso kuti pepala lake lokhalira m'dzikomo linali la sukulu. Sukulu ikatha, iye ndi wa pa basi ya ku Mwanza. Masiku awiri otsatira ankangoona nkhope ya amayi ake akumulandira pa Ntcheu, ndi ya amayi a mpingo amene anamuperekeza ndi nyimbo.

Lachiwiri linali tsiku lochotsa ulusi. A Moffat anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti amuperekeze. Anagula mananchesi pageti la chipatala, n'kukhala pampando wa m'khonde. Pampando wofewa ankadikira popanda vuto.

Dokotala anali mzungu wamtali wadazi, wolankhula pang'onopang'ono. Anamugoneka, n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi.

"Lapola bwino, Dinah. Usanyamule zolemera mpaka mwezi utatha."

"Dokotala, dzina langa si Dinah."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati anakhala akudikira pakhomo. Anafotokoza zonse akuyang'ana kudenga: khadi la amalume, mayeso, imelo, Lachitatu. Dokotala anamaliza kuchotsa ulusi, n'kumata pulasitala, n'kukasamba m'manja. Kenaka anakhala pansi.

"Ndikuuze mmene zilili," anatero. "Sindingakhale ndi opaleshoni imodzi ya anthu awiri. Ndikalemba chikalata m'dzina lako, ndiyenera kukonza fayilo, ndipo ndiyenera kuuza amene analipira kuti wodwala sanali wa pa khadi lawo. Akatero adzapita kwa mwini khadi ndi kuntchito kwake. Ukumvetsa?"

"Ndikumvetsa."

"Amene ali panjawo ndi iwowo?"

"Inde."

"Ufuna ukalankhule nawo kaye? Ndikhoza kudikira."

Apa ndi pamene Linnet anadzabwererapo m'maganizo kambirimbiri pambuyo pake. Dokotala sanamukakamize. Sanali ndi malungo, sanali ndi mankhwala m'mutu. Chitseko chinali pomwepo, ndipo kuseri kwake kunali munthu amene anamunyamula m'manja Lamulungu lija. Ankadziwa kuti akatuluka kukafunsa, amalume adzakana, ndipo iye adzamvera. Ndiye sanatuluke. Anatulutsa khadi la sukulu ndi pasipoti m'chikwama, n'kuziika patebulo.

"Lembani," anatero.

Atatuluka anapeza a Moffat atamusendera nanchesi, atachotsa ndi timitsitsi toyera tija, ataliyika pa kapepala kuti lisade.

"Zatheka? Sizinapweteke?"

"Ayi, amalume."

Analidya lonse, chifukwa kukana kukanafuna kufotokoza. Masana omwewo chikalata chinadutsa pa fakisi ya Asha. Kunyumba ananena kuti aphunzitsi amumvera chisoni ndipo amulola kulemba popanda pepala. A Imelda anati Mulungu ndi wamkulu. A Moffat anati azimayi ophunzira nawonso ali ndi mtima, ndipo anapha nkhuku.

Lachisanu analemba mayeso a odwala mu kachipinda kakang'ono, pamodzi ndi mnyamata wa mkono wa pulasitala ndi mtsikana wina amene ankaoneka wathanzi kuposa onse. Dr Mokgosi anamufunsa za bala, n'kumubweretsera mpando wabwino. Chifundo chimenecho chinamuwawa kuposa ulusi. Malikisi anakwana, ndipo mu Juni analowa m'mayeso aakulu ngati wina aliyense. Ku Marikana sanaimbe foni. Ankadziuza kuti watanganidwa, komanso kuti mwina dokotala uja anaiwala, poti madokotala ali ndi zambiri.

Dokotala sanaiwale. Linnet atafika ku Marikana pa tchuthi cha Julaye, linali Lachitatu masana, ndipo a Moffat anali pakhomo, atavala zakunyumba, akukhoma msomali pa khola la nkhuku limene silinkafuna msomali. Majombo a kumgodi anali pansi pa bedi, oyera.

A Imelda ndi amene anamuuza, akusoka pamakina ndipo osadzutsa mutu. Kunabwera kalata, kenaka a Moffat anawaimitsa ntchito, kenaka mlandu kuofesi. A yuniyoni anayesa, koma khadi linali lawo ndipo siginecha ya pachipatala inali yawo. Anawachotsa. Za opaleshoni anati abweze.

"Chimene sindikumvetsa ndi chakuti anadziwa bwanji," anatero a Imelda, n'kuimitsa makina. "Sabata yonse tinasamala. Ine pakamwa panga sipanatuluke Linnet ngakhale kamodzi. Alipo anatigulitsa. Ndikamudziwa, ndithu Mulungu andikhululukire."

Dinah, amene anabwera kudzagona kwa makolo tsiku limenelo, anati akuganizira aneba a kagalimoto aja, chifukwa akazi awo ali ndi kaduka.

"Musanamizire anthu," anatero a Moffat ali pakhomo. "Ndakuuzani kale, ndine. Tsiku lija akudzuka ku theatre ndinasangalala, ndinamuitana Linnet, nurse ali pomwepo. Pakamwa pangapa. Iwe mphwanga, undikhululukire, ndikanakuika m'mavuto ndi iwenso."

"Pakamwa ngati wailesi," anatero a Imelda, n'kuyambanso kusoka mwaukali.

Linnet anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Munthu wamkulu ankapepesa kwa iye, pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake, pa mlandu umene iye anaupalamula m'maso muli gwa. Anatsegula pakamwa, n'kuona msana wa a Imelda, n'kutsekanso. Tchuthi chonse anachapa, anasesa, anatunga madzi ngakhale a Moffat ankamuletsa chifukwa cha bala. Nyumba inawala, koma mtima wake sunapepuke ngakhale pang'ono. A Imelda ankawanyoza amuna awo pa chilichonse, ngakhale pa mchere, ndipo iwo ankangoseka. Dinah ankamubweretsera mafuta a tsitsi, n'kumamutcha "dzina langa".

Tsiku lobwerera ku Pretoria, a Moffat anamunyamulira chikwama mpaka ku renki. Kunali mphepo ya Julaye, yodzaza fumbi. Takisi inali isanadzaze, ndiye anaima pambali pa mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko.

"Amalume," anayamba Linnet. "Za nurse zija. Si inu."

"Ndikudziwa."

A Moffat ananena akuyang'ana kondakitala amene ankakankha katundu pansi pa mpando.

"Ku hearing, pamlandu paja, anatiwerengera kalata ya dokotala. Chizungu changa n'cha mgodi, koma pamenepo ndinamva. The patient herself, wodwala mwiniwake ndiye ananena. Ndinafunsa shop steward wa yuniyoni kuti abwereze, anabwereza. Ndi deti lomwe. Tsiku la mananchesi."

Linnet anafuna kugwada pomwepo pafumbi, koma anamugwira pamkono.

"Aikona, anthu akuona. Mvera. Azakhali ako asadziwe, Dinah asadziwe. Ine akandinyoza zimatha, takhala zaka zambiri. Iwe akakuda sudzapondanso pakhomo panga, ndiye ndidzamuuza chiyani mlongo wanga?"

"Ndinalakwa, amalume. Dokotala anandiuza kuti ndituluke ndikufunseni. Sindinatuluke."

A Moffat zimenezo sanazidziwe, ndipo Linnet anaona pankhope pawo kuti zalowa.

"Ndikanakana," anatero pomaliza.

"Ndinkadziwa."

"Ehe." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga test yakoyo, unapeza zingati? Sunandiuze."

"52."

"Pa handiredi?"

"Inde."

A Moffat anaseka kaphwete kosafika m'maso, n'kukweza chikwama m'takisi, n'kuuza kondakitala m'Chitswana kuti mtsikanayu asanyamule yekha potsika.

"Ulendo uno uwonjezereko," anatero.

Takisi inadzaza. Ikutuluka mu renki, Linnet anawaona pawindo akuwoloka msewu. Sanakhotere njira ya kunyumba. Anapita pakona pa sitolo ya simenti, pamene anyamata ongofika kumene ochokera ku Mangochi ndi ku Tete amaima kudikira galimoto yofuna aganyu, n'kuima kumapeto kwa mzere, manja ali m'matumba.